Rauta yakale: kuikonza, kuiwonjezera chipangizo china, kapena kugula yatsopano?

Rauta nthawi zambiri siiferatu. Timagetsi take timayakabe, dzina la Wi-Fi limaonekabe pafoni, timizere ta netiweki tili todzaza, koma vidiyo imaima pakati, mawu a amene mukuyankhula naye amadukaduka, ndipo pakhomo pamakhala pali munthu amene anazolowera kale kukazula waya wamagetsi n'kuubwezeranso. Zikafika apa ambiri amathamangira kugula ina. Ena amapirira zaka ndi zaka akuimba mlandu kampani yopereka intaneti. Onse awiri akhoza kulakwitsa, chifukwa kuchedwa kwa intaneti pakokha sikunena kumene kuli vuto.

Rauta imafika pamapeto m'njira zitatu zosiyana. Ikhoza kudwala, kutanthauza kuti china chake m'kati kapena mu adaputa yake chatha mphamvu. Ikhoza kukhala yamoyo bwinobwino koma ntchito yaikulira. Ikhozanso kutayidwa ndi amene anaipanga, osaitumiziranso apudeti. Choyambacho nthawi zina chimachira ndi kanthu kakang'ono. Chachiwiri chimadalira zimene inu mukufuna. Chachitatu sichioneka ndi maso, komabe kwa ine ndicho chokwanira pachokha kuti rauta ichoke pamalo pake.

Kuti nkhaniyi isauluke m'mwamba, tiyerekeze nyumba imodzi. Banja likulipira intaneti ya 200 Mbps. Rauta yawo inagulidwa cha mu 2014, pabokosi pake panalembedwa N300, ili ndi tinyanga tiwiri, ndipo mafoni, malaputopu, TV ndi makamera olumikizidwa akukwana 15. Madandaulo awo ndi atatu: liwiro silinafikepo pa 200, madzulo intaneti imaduka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri n'kubwereranso, ndipo m'chipinda chakumapeto mumangofika kamzere kamodzi.

Choyamba, pezani wolakwa

Tengani laputopu, zimitsani Wi-Fi yake, n'kuilumikiza ku rauta ndi waya wa netiweki. Pamenepo mwachotsa makoma, mafunde a anansi ndi mtunda, mwatsala ndi rauta ndi mzere wochokera kukampani basi. Adiresi ya rauta imalembedwa kunsi kwake, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Pa Windows tsegulani `Command Prompt` mulembe izi, mukuika adiresi ya rauta yanu:

```
ping -n 200 192.168.1.1
```

Pa Linux kapena Mac, mmalo mwa `-n` ikani `-c`. Lamuloli limagogoda pa rauta kokwana 200 n'kukuuzani nthawi imene yatenga kuyankha. Pawaya, rauta yabwino imayankha pa 1 ms, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kapena kuchepera apo, ndipo siiphonya ngakhale kamodzi. Mukaona `Request timed out` apo ndi apo, kapena nthawi ikudumpha kuchoka pa 1 kufika pa 300, kampani ya intaneti ilibe mlandu pa chimenechi, chifukwa uthenga wanu sunatuluke n'komwe m'nyumba. Sinthani waya muyesenso. Zikapitirira, ndiye kuti rauta ikuvutika.

Tsegulaninso zenera lina mugogode kunja, mwachitsanzo pa 1.1.1.1, nthawi yomweyo. Ngati rauta ikuyankha mosaphonya koma kunjako n'kumene kukuduka, vuto lili pa mzere kapena pa bokosi la kampani, ndipo ngakhale mutagula rauta yodula chotani, madzulo mudzadandaulabe chimodzimodzi. Anthu ambiri amataya ndalama pa mfundo yomweyi.

Nambala 94

M'nyumba yathu ija, poyesa liwiro pawaya, pakutuluka 94 Mbps. Kuyesa mamawa, 94. Kuyesa usiku anthu atagona, 93 kapena 94. Mzere wodzaza ndi anthu suchita choncho, umakwera n'kutsika malinga ndi nthawi. Nambala yosasunthayi ikusonyeza kuti pali malire omangidwa m'chipangizo. Marauta ambiri otchipa a nthawi imeneyo anali ndi mabowo olowetsa waya otha kudutsitsa 100 Mbps yokha, ndipo mukachotsa gawo limene limapita ku maadiresi ndi zina zoyendetsera uthenga, chotsala ndi pafupifupi 94. Ngati bowo lolembedwa WAN, limene intaneti imalowera, ndi la mtundu umenewu, palibe apudeti kapena kasinthidwe kalikonse kamene kangadutsitse 200. Banjali likulipira liwiro limene theka lake limathera pakhomo.

Koma musanaweruze, yang'anani waya. Kuti ufike pa 1,000 Mbps, waya wa netiweki umafunika timawaya tonse 8 tili m'katimo tigwire ntchito, pamene 100 Mbps imangofuna 4. Kawaya kamodzi kakathyoka kapena kakapanda kugunda bwino kumutu, zipangizo ziwirizo zimangogwirizana mwakachetechete kutsikira pa 100, osakuuzani kanthu. Choncho 94 yomweyo ikhoza kubwera chifukwa cha waya wopindika kuseri kwa kabati. Fufuzani dzina la rauta yanu pa tsamba la opanga. Mukaona `10/100`, malirewo ndi a rauta. Mukaona `10/100/1000` kapena `Gigabit`, sinthani waya ndipo onaninso bowo la laputopu yanu, popeza nalonso likhoza kukhala la 100.

Kwa amene akulipira 20 kapena 50 Mbps, zonsezi sizikumukhudza. Bowo la 100 likumukwanira, ndipo chimenechi si chifukwa chogulira rauta ina.

Pa Wi-Fi, banjali likupeza pakati pa 40 ndi 50 Mbps litaima pafupi ndi rauta. Izi si zodabwitsa. N300 ndi ya m'badwo wa 802.11n, umene unakhazikitsidwa mu 2009 ndipo tsopano umatchedwa Wi-Fi 4. Rauta ya mtunduwu imaulutsa pa 2.4 GHz pokha. 300 wa pabokosiyo amapezeka rauta ikatenga tchanelo chachikulu cha 40 MHz, chinthu chimene sichitheka kwenikweni pamene pali marauta ena pafupi. Pa 20 MHz imalumikiza pa 144 Mbps, foni ya kanyanga kamodzi pa 72, ndipo chimene chimafikadi m'manja mwanu chimakhala pafupifupi theka lake. Pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha osapondana, 1, 6 ndi 11, ndipo anansi onse, zipangizo za Bluetooth ndi uvuni wa maikolowevu zimakanganirana pomwepo.

Palinso china chimene anthu sachiganizira. Pa tchanelo chimodzi zipangizo zimayankhula mosinthana, chimodzi chikamayankhula zina zimadikira, ngati anthu otunga madzi pa mpopi umodzi. Kamera imene ili kutali, yolumikizidwa mofooka, imatenga nthawi yaitali kutumiza kanthu kochepa, ndipo nthawi yonseyo laputopu imene ili pafupi ikudikira. N'chifukwa chake rauta imene inkakwanira bwino zipangizo zinayi imaoneka ngati yawonongeka zikafika 15, pamene yokha sinasinthe ngakhale pang'ono.

Kuzima n'kuyakanso yokha

Kuduka kwa madzulo kuja kumafuna kuleza mtima pang'ono. Funso ndi lakuti: rauta ndi imene ikuzima, kapena mzere ndi umene ukuduka? Lowani pa tsamba loyendetsera rauta polemba adiresi yake, mufufuze pamene palembedwa `Uptime` kapena `System Up Time`. Imeneyo ndi nthawi imene rauta yakhala ikuyaka chiyatsireni komaliza. Intaneti ikangobwerera, kayang'aneni. Ngati ikuonetsa mphindi zitatu pamene palibe anaikhudza ndipo magetsi sanazime, rauta inazima yokha. Ngati ikuonetsa masiku ambiri, rauta inali maso nthawi yonseyo, chimene chinaduka ndi mzere. Chizindikiro china chosavuta: rauta ikazima, dzina la Wi-Fi limasowa pafoni kwa kanthawi. Mzere ukaduka, dzinalo limakhalapo koma foni imanena kuti palibe intaneti.

Rauta ikamazima yokha nthawi imene anthu ambiri akuigwiritsa ntchito, ine woyamba kumukayikira ndi adaputa yamagetsi, osati rautayo. M'kati mwa adaputa muli makapasita, tizipangizo tosalaza mphamvu yamagetsi, ndipo muli madzimadzi amene amauma pang'onopang'ono ndi kutentha. Akatswiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita wotere umafupika ndi theka. Adaputa imene yakhala pakhoma usana ndi usiku kwa zaka khumi ikhoza kuonetsa 12V bwinobwino mukaiyeza ilibe katundu, koma rauta ikangofuna mphamvu zambiri, mphamvuyo imagwa kwa kamphindi ndipo rauta imayambiranso. N'chifukwa chake vutoli limakonda madzulo, pamene TV, mafoni ndi zonse zili pantchito.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma samalani. Werengani zolembedwa pa adaputa yakaleyo ndi kunsi kwa rauta. Nambala ya V iyenera kufanana ndendende: ngati ndi 12V, ikhale 12V, ngati ndi 9V, ikhale 9V. Nambala ya A ikhoza kufanana kapena kuposa, koma isachepe, choncho 1.5A imalowa bwino mmalo mwa 1A. Mutu wake ukwane bwino, ndipo kachithunzi kosonyeza kumene kuli + ndi − kafanane. Adaputa ya laputopu, ngakhale mutu wake utakwana, imatulutsa mphamvu yochuluka moti ikhoza kuotcha rauta nthawi yomweyo. Mukasintha n'kuona kuti `Uptime` ikukwera masiku osabwerera pa ziro, mwapeza wolakwa.

Kutentha nakonso kumachititsa zomwezi. Rauta yotsekeredwa m'kabati, kapena yosanjikizidwa pamwamba pa chipangizo china chotentha, timabowo take todzaza fumbi, imazima kapena kutaya Wi-Fi ikatenthedwa. Iikeni poyera, ipukuteni, muone. Koma ngati mwasintha adaputa, mwaiika pamalo opita mphepo, mwaibwezera pa makonzedwe a kufakitale, n'kumazimabe, ndiye kuti makapasita a m'kati mwake kapena mbali youlutsa mafunde yatha. Zizindikiro zina za imfa yeniyeni ndi izi: bowo limodzi kapena awiri osagwiranso ntchito pambuyo pa mphenzi, Wi-Fi yofika pafupi kwambiri kuposa kale pamene m'nyumba simunasinthe kanthu, ndi rauta yoiwala dzina ndi mawu achinsinsi magetsi akangozima. Chomalizachi chimasonyeza kuti malo osungira makonzedwe atha, ndipo sichichira.

Pali kudwala kwina kosiyana pang'ono. Mukaizimitsa n'kuiyatsa imagwira bwino tsiku limodzi kapena awiri, kenaka masamba amayamba kuchedwa kutseguka, foni yatsopano imakanika kulowa, ndipo ngakhale tsamba loyendetsera rauta silitseguka. Apa kawirikawiri ndi memore imene yadzaza. Rauta imasunga mndandanda wa kulumikizana kulikonse pakati pa zipangizo zanu ndi kunja, ndipo foni imodzi ya masiku ano imatsegula kulumikizana kochuluka ngakhale ili m'thumba. Rauta ya 32 MB inapangidwira nthawi ina. Ena amaikonza kuti izidzizimitsa yokha usiku uliwonse, ndipo zimathandizadi, koma kumeneko n'kuphimba vuto, osati kulichotsa.

Chimene sichioneka

Tinene kuti m'nyumba ija adaputa yatsopano yathetsa kuzima. Tsopano pa tsamba lomwe lija pezani `Firmware Version`, nambala ya pulogalamu yoyendetsa rautayo, ndipo pitani pa tsamba la opanga mukaone tsiku la apudeti yomaliza ya mtundu wanu. Onetsetsani nambala ya kunsi, monga `v2` kapena `v5`, chifukwa marauta a dzina limodzi amasiyana m'kati. Mukapeza kuti apudeti yomaliza inatuluka zaka zambiri zapitazo, kapena rautayo ili pa mndandanda wa `End of Life` kapena `End of Support`, dziwani kuti mpata uliwonse wolowera mbava umene wapezeka kuchokera nthawi imeneyo udakali wotsegula ndipo sudzatsekedwa.

Izi ndimaziona kuti ndi zazikulu kuposa liwiro, chifukwa rauta ndi chipangizo chokhacho m'nyumba chimene chimayang'anana ndi intaneti mwachindunji, usana ndi usiku, ndipo zonse zimene mumachita zimadutsa mwa iyo. Mbava sizisankha munthu wotchuka. Zili ndi mapulogalamu ongoyendayenda kugogoda pa maadiresi onse kufunafuna mitundu yodziwika kuti ili ndi mipata. Mu 2018 akatswiri a Cisco Talos anaulula za pulogalamu yoipa yotchedwa VPNFilter imene inalowa m'zipangizo zosachepera 500,000 m'maiko 54, zambiri mwa izo marauta a m'nyumba ndi m'maofesi aang'ono. Mu 2025 bungwe la FBI ku United States linachenjezanso kuti marauta osalandiranso apudeti akulandidwa n'kumabwereketsedwa kwa zigawenga kuti zizibisalira kuseri kwa adiresi ya mwini nyumba. Mwiniwake sadziwa kanthu. Mwina amangoona kuti intaneti yachedwa pang'ono, kapena saona chilichonse.

Yang'ananinso pa `Wireless Security`, pamene pamasankhidwa njira yotetezera Wi-Fi. Rauta yongokupatsani WEP kapena WPA yokhala ndi TKIP yokha inapitirira kale nthawi yake, popeza WPA2 inabwera mu 2004 ndipo WEP imathyoledwa m'mphindi zochepa. WPA2 yokhala ndi AES ndi mawu achinsinsi aatali idakali yodalirika, choncho kusowa kwa WPA3, imene inabwera mu 2018, si chifukwa chotayira rauta imene ikulandirabe apudeti. Koma onani WPS, njira yolowetsera chipangizo pa Wi-Fi podina batani kapena polemba nambala mmalo mwa mawu achinsinsi. Mu 2011 zinadziwika kuti nambala yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti wakuba amangofunika kuyesa pafupifupi 11,000 kuti aipeze. Marauta ena akale sakulolani kuizimitsa, ndipo ena amanena kuti yazima pamene ikugwirabe ntchito.

Njira zimene zilipo

Kusintha adaputa, waya kapena malo ndi njira yotchipa kuposa zonse, ndipo ndi yoyamba kuyesa nthawi zonse. Imathetsa kuzima, imathetsa 94 wobwera ndi waya, ndipo kungochotsa rauta pakona ya nyumba n'kuiika pakati, pamwamba, kutali ndi zitsulo, nthawi zambiri kumafikitsa Wi-Fi m'chipinda chimene inkakana. Kwa munthu wa mzere wochepera 100 Mbps, zipangizo zochepa, ndi rauta imene opanga akuisamalirabe, nkhani ithere pomwepa. Musagule kanthu. Koma njirayi siikweza malire a mabowo ndipo siitseka mipata ya mbava.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa pulogalamu ya opanga n'kuikamo OpenWrt, pulogalamu yaulere imene anthu odzipereka amaikonzabe. Ndimaikonda njirayi chifukwa imayankha vuto lalikulu lija la kutayidwa: rauta imene kampani inaisiya imayambanso kulandira apudeti. Imabweretsanso SQM, imene ndiifotokoze posachedwa. Koma ili ndi malire ake. Marauta okhala ndi 4 MB ya malo osungira pulogalamu ndi 32 MB ya memore anasiyidwa ndi OpenWrt yomweyo, ndipo mtundu womaliza kuwathandiza unali 19.07. Masiku ano ndi bwino kukhala ndi 16 MB ndi 128 MB kapena kuposa. Marauta ambiri okhala ndi tchipi cha Wi-Fi cha Broadcom sagwira bwino Wi-Fi pa OpenWrt. Mukalakwitsa fayilo, kapena magetsi akazima muli pakati poika, rauta ikhoza kusadzukanso. Ndipo pulogalamu siisintha chitsulo: bowo la 100 limakhalabe la 100, ndipo 5 GHz siimera pamene panalibe. Choncho njirayi ndi yabwino kwa rauta imene inali yapamwamba pa nthawi yake, ya mabowo a 1,000 ndi mafunde awiri, a 2.4 ndi 5 GHz, m'manja mwa munthu wokonzeka kuwerenga malangizo mofatsa. Kwa N300 ya banja lija, mwayi ndi wochepa kwambiri.

Njira yachitatu ndi kuwonjezera chipangizo china kuti Wi-Fi ifike patali, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsidwa kwambiri. Kachipangizo kobaya pakhoma, kolembedwa `Repeater` kapena `Range Extender`, kamalandira uthenga kuchokera ku rauta n'kuubwerezanso. Ngati kakulandira ndi kutumiza pa mafunde amodzimodzi, uthenga uliwonse umaulutsidwa kawiri, ndipo liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Timizere pafoni timadzaza, mtima umakhala pansi, koma 40 Mbps ija yasanduka 20, ndipo mwawonjezera woyankhula wina pa tchanelo chodzaza kale. Komanso kakaikidwa m'chipinda chovutacho kamangobwereza chofooka chimene kakulandira. Malo ake ndi pakati pa njira. Ndingakavomereze pokhapokha ngati mukufuna kufikitsa Wi-Fi ku chipangizo chimodzi chosafuna liwiro, ndipo palibe njira yodutsitsira waya.

Chabwino kuposa pamenepo ndi chipangizo choulutsa Wi-Fi cholumikizidwa ndi waya, chimene pabokosi chimalembedwa `Access Point`. Waya umanyamula uthenga popanda kudya nthawi ya mafunde, ndipo chipinda chakutali chimalandira liwiro lonse. Kuvuta kwake ndi kuboola khoma ndi kuyala wayayo basi. Koma kumbukirani kuti zonse zimadutsabe mu rauta yakale ija. Ngati vuto lanu ndi mtunda wokha, iyi ndi njira yopambana, ngakhale kuposa kugula rauta yatsopano, chifukwa mphamvu youlutsira ili ndi malire oikidwa ndi malamulo, ndipo foni nayo iyenera kuyankha kudutsa makoma omwewo. Rauta yatsopano ya tinyanga tambiri siiboola khoma la konkire kuposa yakale, ndipo mafunde a 5 GHz amafooka msanga kuposa a 2.4.

Zipangizo zogulitsidwa ziwiri kapena zitatu pamodzi, zolembedwa `Mesh`, zimalowa mmalo mwa rauta ndipo zimathetsanso mtunda. Zimathandiza m'nyumba yaikulu kapena yosanja, ndipo foni imasamuka bwino kuchoka pa china kupita pa china. Zotchipa zimene zimayankhulana pa mafunde omwewo amene mafoni akugwiritsa ntchito zimataya liwiro mofanana ndi kobaya pakhoma kaja, ngakhale mochepera. Mukazilumikiza ndi waya vutoli limatha. M'nyumba yaing'ono ndi ndalama zongowonongeka.

Yotsala ndi kugula rauta imodzi yatsopano, ndipo kwa banja lathu lija ndiyo yankho. Adaputa inathetsa kuzima, inde, koma patsala bowo la 100 pa mzere wa 200, mafunde amodzi odzaza, memore yochepa ndi pulogalamu yosasamalidwa. Zinayi zonsezi sizikonzeka. Chipinda chakumapeto chija ayambe achiyesa rauta yatsopano itaikidwa pakati pa nyumba, ndipo chikakanabe awonjezere chipangizo cha waya.

Vuto limodzi lokha limapitirira ngakhale mutagula yatsopano, ndipo ndi bwino kulidziwa musanatulutse ndalama. Ngati kuyankhulana pa vidiyo kumasokonekera nthawi imene wina akutumiza zithunzi kapena mafayilo aakulu, yesani `ping -n 200 1.1.1.1` mzere uli phee, kenaka yambani kutumiza fayilo yaikulu muone. Nthawi ikadumpha kuchoka pa 20 ms kufika pa mazana angapo, ndiye kuti uthenga ukuunjikana pamzere wodikira, mawu anu ali kumbuyo kwa zithunzi za wina. Mankhwala ake ndi SQM. Mumaiuza rauta kuti isapitirire pafupifupi 90 pa 100 ya liwiro la mzere wanu, kuti mzere wodikirawo ukhale m'manja mwake, ndipo iyo imagawa mpata mofanana. Ntchito imeneyi imafuna purosesa yamphamvu, ndipo si rauta yatsopano iliyonse imene ili nayo. Ngati limeneli ndilo dandaulo lanu lalikulu, fufuzani SQM pogula, osati nambala ya pabokosi.

Pogula, ndi pochotsa yakale

Nambala yaikulu ya pabokosi ndi kuphatikiza chabe. AX1800 ndi pafupifupi 574 wa pa 2.4 GHz kuphatikiza 1,201 wa pa 5 GHz, ndipo foni imalumikiza kumodzi, osati konse. Choyamba kuyang'ana ndi mabowo. Pali marauta atsopano, olembedwa AC1200, amene mabowo ake ndi a 100 Mbps, ndipo amene wagula yotere amabwerera pa 94 yemwe uja. Chachiwiri ndi mbiri ya apudeti: tsegulani tsamba la mtundu umene mukufunawo muone ngati opanga atulutsa kanthu posachedwa, ndiponso ngati ananena chaka chimene adzasiye. Rauta imene yakhala pashelefu nthawi yaitali ikhoza kukhala yatsopano m'bokosi koma yotsala pang'ono kutayidwa.

Pa nkhani ya m'badwo, Wi-Fi 6, imene inayamba kufala mu 2019, ndi yokwanira nyumba zambiri. Imagwira pa 2.4 ndi 5 GHz pomwe, ndipo imatha kugawa tchanelo kuti zipangizo zingapo zithandizidwe nthawi imodzi, malinga ngati nazonso zili za m'badwo womwewo. Wi-Fi 6E ndi Wi-Fi 7 zimawonjezera 6 GHz, koma phindu lake limaoneka pokhapokha mafoni ndi malaputopu anu akutha kuigwiritsa ntchito, ndipo si maiko onse amene anavomereza mafunde amenewa. Ngati rauta yanu ndi ya kampani yopereka intaneti, afunseni kaye ngati amasintha zakale. Akakana, mukhoza kuika yanu kumbuyo kwake, n'kupempha kuti yawoyo aiike pa `Bridge Mode` kuti pasakhale marauta awiri ogwira ntchito imodzi.

Musanazule yakale, lowani pa tsamba lake mulembe zonse za pa WAN. Ngati palembedwa PPPoE, mufunika dzina ndi mawu achinsinsi ochokera kukampani, ndipo makampani ena amafunanso nambala ya VLAN. Popanda zimenezi rauta yatsopano idzayaka bwinobwino koma intaneti sidzabwera. Ipatseni dzina la Wi-Fi ndi mawu achinsinsi omwe aja, ngati anali olimba, kuti zipangizo zonse 15 zilowe zokha popanda kuzikonza chimodzichimodzi. Sankhani `WPA2/WPA3` m'malo mwa WPA3 yokha, chifukwa makamera ndi mapulinta akale sadziwa WPA3. Sinthani mawu achinsinsi olowera pa tsamba loyendetsera, zimitsani WPS ndi `Remote Management`, yolola kuyendetsa rauta muli kunja kwa nyumba, ndipo ikani apudeti tsiku lomwelo.

Yakaleyo, ngati siizimazima, ikhoza kugwirabe ntchito yongowonjezera mabowo a waya: zimitsani DHCP, imene imagawira zipangizo maadiresi, ndi Wi-Fi yake, ipatseni adiresi yosawombana ndi ya rauta yatsopano, n'kulumikiza waya m'bowo la LAN, osati la WAN. Ikakhala kumbuyo kwa yatsopano motere siiyang'ananso ndi intaneti mwachindunji, ndipo 100 Mbps ikukwanira TV kapena pulinta. Ngati mukuipereka kwa wina kapena kuitaya, dinikizani kabatani ka `Reset` kwa masekondi pafupifupi 10 ili yoyaka, mpaka timagetsi tithwanime, kuti mawu achinsinsi a Wi-Fi ndi a kukampani afufutike, ndipo amene mukumupatsayo mumuuze kuti siilandiranso apudeti.